Mpeni Wosaluma Chala

Mtengo wa mango umene unali kuseri kwa nyumba yathu, kuno ku Mkanda, anabwera nawo ndi bambo anga, a Jobson. Iwo anali dalaivala wa thiraki, ndipo anautenga ku Chipata uli kambande m'chitini, ataukhazika pampando ngati munthu. Mayi ankakonda kudandaula kuti ulendo umenewo sanabwere ndi shuga kapena chitenje, anangobwera ndi mtengo.

Mango ake anali aakulu, opanda ulusi, onunkhira mpaka kumsewu. Anthu ankangoti mango a Jobson. Ambiri anatola zikhokho zake n'kukadzala kwawo, koma zimene zinamera zinabereka timango taulusi towawasa, tosafanana n'komwe ndi make. Choncho mtengowo unali umodzi wokha m'dera lonse. Bambo atamwalira, zovala zinagawidwa, wailesi inapita kwa amalume, ine ndinatsala ndi mtengo. Sindinadandaule.

Ndiye kunabwera chilimwe china chimene anthu osaka mbewa anatentha tchire la kudambo. Moto unadutsa m'munda, n'kupeza mapesi amene tinaunjika patsinde pa mtengowo. Pomwe tinkafika ndi zidebe, khungwa linali litapsa kuzungulira tsinde, kungotsala kamzere kakang'ono mbali ya kum'mawa. Nthambi zinayamba kuuma imodziimodzi. Ndinalira ngati maliro a bambo abwereranso, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezo.

Njira inali imodzi: kumezanitsa. Ku kalabu yathu ya alimi tinaphunzira kuti ukadula nsonga ya mtengo wabwino, n'kuisema ngati kukamwa kwa nkhwangwa, n'kuilowetsa m'mbande ya mango wamba imene waing'amba pakati, ziwirizo zimagwirana n'kukhala mtengo umodzi, wobereka zipatso za nsonga ija. Mbande ndinali nazo zambiri m'machubu, zonenepa ngati pensulo. Mpeni womezanitsira ndinagula ku Boma, wopinda, wa chigwiriro chofiira. Ndinaupereka kwa amuna anga, a Lameki, kuti andinolere, pakuti kwathu kuno mpeni ukabuntha mkazi amangouika m'manja mwa mwamuna.

Tsono a Lameki ndi nolo simungawalekanitse. Nolo wa m'mudzi mwathu ndi mwala waukulu umene uli pafupi ndi mjigo, ndipo wanola nkhwangwa ndi zikwanje za mibadwo ingapo mpaka unakumbika pakati ngati mbale. Amuna anga ndi mkamwini m'mudzi muno, ndipo ulemu umene anaupeza anaupeza pamwala umenewo. Pakagwa maliro, adzukulu amabwera kudzabwereka nkhwangwa yawo. A Lameki ananola mpeni wanga mbali iyi, mbali iyo, kwee kwee, ngati chikwanje. Kenako anadutsitsa chala chachikulu kukamwa kwake, n'kumva kukanda, n'kunena monyadira kuti waluma.

Ndinamezanitsa mbande zanga. Mpeni unkakakamira m'kanthambi, ine n'kumaukankha ngati ndikucheka nyama ya tambala wokalamba. Ndinamanga ndi pulasitiki, n'kuika pamthunzi, n'kumathirira. Patapita masabata, nsonga zonse zinada bii. Palibe ndi imodzi yomwe imene inaphuka.

Pamtengo panali patatsala nthambi imodzi yamoyo, ya kum'mawa ija. Ndinadziwa kuti ndikalakwitsanso, mango a Jobson atha padziko.

Ndinamasula nsonga imodzi yakufa n'kuiyang'anitsitsa. Pamene ndinasema panali mabampu, ndipo khungwa la m'mphepete linali lophwanyika, lonyenyeka. Mtengo umagwirana pa kamnofu kobiriwira kamene kali pansi pa khungwa, ndipo kamnofu kameneko mpeni unakatafuna m'malo mokadula. Sindinauze amuna anga. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, choncho ndinakwera njinga kupita kumsika wa Mkanda, kwa msuweni wanga Phillip, amene ndi kalipentala.

Phillip ndi mwana wa amalume, tinakulira limodzi, ndipo pakamwa pake sipakhala chotseka. Atangoona mpeniwo anaugwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Alinafe, ndinakuuza kalekale kuti ukwatiwe ndi ine. Taona tsono, wakwatiwa ndi munthu wonolera mpeni pa msewu wa tala."

Ndinamuuza kuti akanakhala mwamuna wanga bwenzi ndikugona pa bedi la miyendo itatu, monga amagonera mkazi wake. Anaseka, kenako anandikhazika pabenchi n'kuyamba kundionetsa.

Choyamba anautembenuza mpeniwo kuti ndione chimene sindinachione chiugulireni. Mbali imodzi inali yotsetsereka kulowera kukamwa, ina inali yathyathyathya kuchokera kumsana mpaka kukamwa, ngati tchizulo chake. Anati mbali yathyathyathya ndi imene imatsetsereka pamtengo n'kusiya posema pali see. Mpeni wotere umanoledwa mbali yotsetsereka yokha. A Lameki anali atadya mbali zonse, ndipo mwala wawo wokumbika unali utapangitsa kukamwa kukhala kobulungira. Anaulozetsa kudzuwa, kukamwa kuli m'mwamba, ndipo ndinaona kamzere kowala. Anati mpeni wakuthwa suwala kukamwa, chifukwa palibe malo oti dzuwa likhalepo.

Ndinamupempha kuti angondinolera ndizipita. Anakana. Anati mpeni womezanitsira umafuna kuukonzanso ukasema nsonga zingapo, ndipo iye sangasiye zitseko za anthu n'kumanditsatira kumudzi atanyamula mwala, pokhapokha nditavomera zija za ukwati.

Mwala wake unali wa m'sitolo, wa mbali ziwiri, ina yokhakhala ina yosalala. Anauviika m'madzi mpaka thovu linasiya kutuluka. Anaikapo rula yachitsulo kuti ndione kuti panalibe mpata pansi pake. Anati mwala ukayamba kukumbika, uziukhutiza pa simenti yosalala, pothira madzi ndi kamchenga, mpaka uwongoke.

Kenako kapendekedwe. Anagoneka mpeni pamwala, mbali yotsetsereka ili pansi, n'kukweza msana pang'ono. Pansi pa msanapo analowetsa timitengo tiwiri ta machesi tosanjikiza, nati pa kampeni kochepa chotere mpata wake ndi umenewo. Ukakweza kwambiri, mpeni umakhala wolimba koma wosalowa m'mtengo. Ndi za zikwanje zimenezo. Ukagoneka kwambiri, umangopala pamwamba osafika kukamwa. Anadetsa mbali yotsetserekayo ndi cholembera chakuda, n'kundiuza kuti ndikhuze kangapo. Nditatembenuza, inki inali itachoka pena, pena ayi. Anati mwala sunama: pamene inki yatsala, sindinafikepo.

Dzanja langa linkagwedezeka ngati la munthu wosefa ufa. Phillip anandigwira pamfundo ya dzanja nati pamenepo paume gwa, ziziyenda ndi mapewa. Ndinakhuza, ndinakhuza, madzi a pamwala n'kuda, msana wanga n'kuyamba kuwawa. Nthawi ndi nthawi ankandiuza kuti ndiyendetse chala kumbali yathyathyathya, kuchokera kumsana kutsikira kukamwa n'kupitirira, osati motsatira kukamwa, kuopa kudzicheka. Kwa nthawi yaitali sindinamve kanthu. Kenako ndinamva kokanda, kakang'ono ngati ndevu zongomera.

Anati kameneko amakatcha kawaya. Ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamapindikira kuseri ukanola mpaka kufika kukamwa kwenikweni. Kakamveka kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga, ndiye kuti mwala wokhakhala wamaliza ntchito yake.

"Koma imva bwino apa," anatero. "Kawaya ndi chizindikiro chakuti wafika, si kuthwa ayi. Amuna ako akamati waluma, amakhala akumva kameneka. Ukangosema kamodzi kamapindika, n'kuyamba kukhadzula khungwa."

Tinatembenuza mwala. Kumbali yosalala ndinakhuza mopepuka, kapendekedwe komweko. Kenako ndinagoneka mbali yathyathyathya pamwala, yonse kwathunthu, osakweza msana ngakhale pang'ono, n'kukhuza pang'ono chabe. Kawaya kanathawira mbali ina. Ndinabwerera, kanathawiranso. Ndinapitiriza kusinthasintha, dzanja likupepukirapepukira, mpaka chala sichinamvenso kanthu. Pomaliza Phillip anatenga chikopa chimene anachikhomera pathabwa. Pamenepo anati mpeni umayenda chambuyo, msana kutsogolo, kukamwa kukutsatira, ndipo ukafika kumapeto umaunyamula osaupotoza. Chikopa chimachotsa kotsalira ka kawaya kamene chala sichingakamve.

Ndinauyesa pamkono panga. Ubweya unagwa wokha, osamva kukoka.

Ndinagula mwala wanga tsiku lomwelo. Ndinabwerera kumudzi ndikupalasa ngati mtsikana, mpeni nditaukulunga m'kansalu. Ndinauika m'chitini pamwamba pa kabati. Madzulo ake ndinakwera mumtengo n'kuchotsa masamba ku nsonga zabwino za nthambi yotsala ija, kusiya timapesi take, kuti maso ake, paja pamaphukira masamba, atupe. Zinali nsonga zochepa, zokwana m'dzanja limodzi. Za ulendo wanga wa kwa Phillip ndinangoti ndinakaona asuweni. Munthu amene ulemu wake uli pamwala, sumuuza uli chiimire kuti sadziwa kunola.

Maso atatupa, timapesi titayamba kugwa tokha, ndinasankha Loweruka. Ndinadzuka m'mawa kusanatenthe, ndinakwera, ndinadula nsonga zonse n'kuzikulunga m'chiguduli chonyowa. Nditatsika ndinayang'ana m'mwamba. Panthambipo panalibenso china choti munthu angadule. Ndinalowa m'nyumba kukatenga mpeni, koma chitini chinali chopanda kanthu.

Ndipamene ndinamva, kuchokera kumjigo: kwee, kwee, kwee.

Sindikumbuka mmene ndinafikira kumeneko. Ndinapeza a Lameki atanjuta pa nolo wawo, mpeni wanga uli m'manja, akuutembenuza mbali iyi, mbali iyo, nkhope ili yowala. Anati anafuna kundithandiza, poona kuti lero ndi tsiku lalikulu. Anaupeza m'chitini, anauyesa ndi chala, ndipo sunkaluma n'komwe, unali wosalala ngati supuni. Ndiye anati aukonze ndisanatsike mumtengo.

Panali amayi pamjigo, zidebe zili pamzere, makutu ali tcheru. Mawu amene anabwera pakamwa panga akanatuluka, bwenzi a Lameki atamanga katundu tsiku lomwelo kubwerera kwawo ku Ludzi. Ndinawameza. Ndinangotambasula dzanja, iwo n'kuikamo mpeni, ine n'kutembenuka. Ananditsatira chapatali.

Kunyumba ndinaulozetsa kudzuwa. Kamzere kowala kanali katabwerera, ndipo kumbali yathyathyathya, m'mphepete, anali atadyako. Phillip anali atapita ku Chipata kukagula zipangizo. Nsonga zinali m'chiguduli, dzuwa la Okutobala likukwera. Ndinakhala pakhonde ndipo misozi inatuluka, ya mkwiyo weniweni.

A Lameki anaima pakona ya nyumba. Anafunsa motsitsa mawu ngati alakwitsa.

"Abambo a Tawonga, nkhwangwa yanu ilibe inzake m'mudzi muno," ndinatero. "Koma uwu si nkhwangwa. Khalani apo muone, ndipo musandiyankhule."

Anakhala. Ndinaviika mwala wanga m'beseni, n'kuuika pa chiguduli kuti usaterere. Ndinatenga machesi kukhitchini, ndinayeza mpata, n'kuwachotsa. Cholembera ndinalibe, choncho ndinapaka mwaye wa kunsi kwa poto. Ndinaumitsa mfundo ya dzanja n'kuyamba.

Ntchito inali yaikulu kuposa ya kwa Phillip, chifukwa ndinayenera kudya mbali yotsetsereka mpaka kupitirira pamene iwo anawononga kuseri. Mtima unkandiuza kuti ndikweze msana pang'ono kuti zithe msanga. Ndinkadziwa kuti ndikatero ndipeza kawaya mwachangu, koma ndikhala ndi kachikwanje m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinakhuza, ndikuwaza madzi, ndikuyendetsa mpeni pamwala ponse kuti usakumbike. Thukuta linkagwera pamwala pomwepo. Nthawi ina ndinakweza mutu n'kuona a Lameki akuwaza madzi pa chiguduli cha nsonga chija, osauzidwa ndi munthu.

Kawaya kanayamba kumveka pakati. Ndinapitiriza mpaka kanafika kuchigwiriro, kenako kunsonga, kumene kunavuta kwambiri. Nditatembenuza mpeni, mbali yathyathyathya inali itafika kukamwa popanda potsetsereka pena. Ndinagwira chala cha amuna anga n'kuchiyendetsa kuchokera kumsana kutsika. Nkhope yawo inamasuka, anati eya, tsopano waluma. Ndinawauza kuti chimene akumvacho ndi chimene ndikufuna kuchotsa. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndikufuna kuthira mchere m'tiyi.

Ndinatembenuza mwala. Mopepuka kutsogolo, chogona kuseri, mopepuka kutsogolo, chogona kuseri. Kawaya kanachepa mpaka kanasowa. Ndipamene ndinakumbukira kuti chikopa ndilibe. Ndinayang'ana pakhonde, ndinayang'ana m'nyumba: nsapato zapulasitiki, chikwama chapulasitiki, chingwe cha njinga. Ndinanena mokweza, osati kwa iwo kwenikweni, kuti pakufunika chikopa.

A Lameki analowa kuchipinda. Anatuluka atanyamula lamba wawo wa kutchalitchi, wachikopa chenicheni, amene anavala pa ukwati wathu, amene ngakhale mwana wathu Tawonga saloledwa kumukhudza. Anamuyala pa thabwa la benchi, mbali ya mkati ili pamwamba, n'kugwira mbali zonse ziwiri kuti akungike.

"Kokani, mayi a Tawonga," anatero.

Ndinakoka chambuyo, msana kutsogolo. Ulendo woyamba dzanja linaiwala, ndinapotoza pomaliza, ndipo mpeni unabudula kachikopa m'mphepete mwa lamba. Ndinawayang'ana. Anatseka maso pang'ono, koma sanasiye kugwira. Ndinakoka bwino tsopano, mbali yotsetsereka kangapo, mbali yathyathyathya ili chogona, mpaka chitsulo cha m'mphepete chinayera. Ndinalozetsa kudzuwa. Kukamwa kunalibe kuwala kulikonse.

Iwo anakwinya malaya n'kundipatsa mkono. Ndinayendetsa mpeni pang'onopang'ono, ndipo ubweya unaunjikana pachitsulo, n'kusiya kabwalo koyera. Anakayang'ana nthawi yaitali kabwaloko, n'kukasisita. Kenako anaimirira n'kuyamba kunyamula machubu a mbande kubwera nawo pamthunzi.

Ndinapukuta mpeni ndi sipiriti, ndinatenga nsonga yoyamba. Ndinaika mbali yathyathyathya pakhungwa n'kukoka kamodzi. Mpeni unadutsa ngati m'papaya wakupsa. Posemapo panali see, ponyezimira ndi madzi a mtengo, ndipo kamzere kobiriwira ka pansi pa khungwa kanaoneka bwinobwino mbali zonse. Ndinatembenuza, ndinakokanso kamodzi. Ndinadula mutu wa mbande, ndinaing'amba pakati, ndinalowetsa nsonga, khungwa kukumana ndi khungwa. Zinagwirana popanda mpata woti n'kulowetsapo tsitsi. Ndinaseka ndekha, mokweza, mpaka nkhuku zinathawa.

Tinagwira ntchito mpaka dzuwa linafika pamutu. Ine ndinkasema ndi kulowetsa, iwo ankamanga ndi timizere ta pulasitiki n'kuveka timapepala ta mafilizesi pamwamba kuti nsonga zisaume. Ndikasema zingapo, ankayala lamba osadikira kuti ndinene.

Kenako kunali kudikira, ntchito imene ine sindiidziwa bwino. M'mawa uliwonse ndinkapita kukasuzumira m'timapepala tija. Sabata yoyamba nsonga zinali zobiriwira, koma ndinakana kusangalala. Sabata yachiwiri imodzi inada, ndipo tsiku limenelo sindinadye. Nthambi ya kum'mawa ija nayo inayamba kufota, masamba ake akugwera pabwalo, ine n'kumawasesa.

M'mawa wina ndikutsuka mbale, ndinamva amuna anga akundiitana kuchokera kumthunzi. Sanaitane dzina la mwana monga amachitira. Anaitana dzina langa lenileni.

"Alinafe, tabwera."

Anali atagwada pakati pa machubu. M'kapepala kamodzi, diso la pansonga linali litang'ambika, ndipo timasamba tiwiri tofiirira, tonyezimira, tinali titatuluka n'kumakankha pulasitiki. Tinayang'ana kena: katuluka. Kena: katupa, katsala pang'ono. Pa mbande zonse, ziwiri zokha n'zimene zinakana. Ndinaluluta, ine amene sindiluluta ngakhale pa ukwati. Amayi a kumjigo anabwera akuthamanga kudzafunsa ngati kwabadwa mwana, ndipo ndinawauza kuti inde, ambiri.

Mtengo waukulu unauma mvula isanagwe. Anaugwetsa ndi a Lameki, ndi nkhwangwa yawo yonoledwa pa nolo wa kumjigo, ndipo ndiyenera kunena kuti inalowa bwino kwabasi. Mbande zitakhwima, imodzi tinaidzala pafupi ndi chitsa. Ina ndinapatsa Phillip, amene anati ndi chiwongo chake chobwezedwa. Zina zinapita kwa anthu onse amene kale ankatola zikhokho pachabe. Lamba uja amuna anga amamuvalabe Lamlungu, kabala kake kali kutsogolo, ndipo wina akafunsa amamufotokozera nkhani yonse, ndi za kawaya zomwe, ngati anatulukira okha.

Mtengo wa pachitsa unabereka chaka chatha. Anali mango ochepa, ndipo ndinawalondera ngati mlonda wa ku banki. Loyamba litapsa ndinalithyola ndekha, n'kukhala nalo pachitsa cha make. Sindinafulumire kulidula. Ndinayamba ndalinunkhiza, ndipo fungo lake linali lomwe lija la m'manja mwa bambo akamatigawira pakhonde. Ndinadula chidutswa, chopanda ulusi ndi umodzi womwe, n'kuitana Tawonga, amene agogo akewo sanawaonepo.

"Idya," ndinamuuza. "Awa ndi mango a Jobson."